Mmene mungapezere potifoliyo ya tanjensi ndi kugawa ndalama pakati pa masheya ndi mabilu a boma

Alamu anga atalandira ndalama zawo zopumira pantchito, K5,000,000, anabwera kwathu ku Area 25 ali ndi mayina awiri a makampani papepala. "Mlamu, kodi ndigule ati? Awa a banki kapena awa a mafoni?" Ndinawayankha kuti funso lawolo lili ndi mafunso awiri mkati mwake, ndipo anthu ambiri amalakwitsa chifukwa amawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti masheya awiriwa asakanizidwe motani. Lachiwiri ndi lakuti pa ndalama zonsezo, ndi zingati zomwe zipite ku masheya ndipo ndi zingati zomwe zikhale pamalo osagwedezeka. Loyambalo limayankhidwa ndi masamu, ndipo yankho lake ndi limodzi kwa aliyense amene akugwiritsa ntchito manambala ofanana. Lachiwiri limayankhidwa ndi mtima wa mwini ndalama komanso sukulu fizi imene ikumudikira.

Kulekanitsa mafunso awiriwa ndi nzeru ya James Tobin ya mu 1958, yomwe anamanga pamwamba pa ntchito ya Harry Markowitz ya mu 1952. Ndikuyendetsani mmene ndinayendera ndi alamu anga. Makampaniwo ndiwatchula A ndi B, ndipo manambala onse ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Musawatenge ngati mitengo ya pamsika lero.

Gawo loyamba: pezani pansi poyambira

Pansi poyambira ndi phindu limene mungapeze popanda kuika ndalama pa chiopsezo. Kuno kwathu chimene chimayandikira kwambiri ndi mabilu a boma, amene Reserve Bank of Malawi imagulitsa m'malo mwa boma. Alipo a masiku 91, a masiku 182 ndi a masiku 364. Mukagula bilu ndi kuidikira mpaka tsiku lake, mumadziwiratu kuti mudzalandira makwacha angati.

Sankhani bilu yolingana ndi nthawi imene mukuwerengera. Ngati mukufuna kudziwa mmene ndalama zikhalire pakatha chaka, tengani chiwongoladzanja cha bilu ya masiku 364, osati ya masiku 91, chifukwa ya masiku 91 mudzayenera kuigulanso katatu pa mitengo imene simukuidziwa lero. Chotsaninso msonkho, kuti nambala ikhale ya zimene zimafikadi m'thumba. M'chitsanzo chathu tinene kuti zotsalazo ndi 20 peresenti pa chaka. Nambala imeneyi tiitchula `rf`.

Gawo lachiwiri: manambala asanu a masheya awiri

Pa sheya iliyonse mufunika phindu limene mukuyembekezera pa chaka, ndi kukula kwa kugwedezeka kwake. Kugwedezeka ndi muyeso wa mmene phindu limatalikirana ndi avereji yake, chaka china kukwera, chaka china kutsika. Nambala yachisanu ndi kolireshoni, yomwe imasonyeza ngati masheya awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Imakhala pakati pa −1 ndi 1. Ikakhala 1, awiriwa ali ngati ng'ombe zomangidwa pagoli limodzi. Ikakhala pafupi ndi 0, iliyonse ikudya kwake.

Tengani mitengo ya kumapeto kwa mwezi uliwonse ya pa Malawi Stock Exchange, zaka zisanu ngati zingatheke. Phindu la mwezi ndi mtengo watsopano kuphatikiza dividendi ya mweziwo, yomwe ndi gawo la phindu la kampani lolipidwa kwa eni masheya, kugawa ndi mtengo wakale, kuchotsapo 1. Ambiri amaiwala dividendi, ndipo akatero amaichepetsa mphamvu sheya imene imalipira eni ake mokhulupirika. Ikani phindu la A mu kolamu B ndi la B mu kolamu C, miyezi 60, kenako lembani izi mu Excel:

```
=AVERAGE(B2:B61)*12
=STDEV.S(B2:B61)*SQRT(12)
=CORREL(B2:B61,C2:C61)
```

Mizere iwiri yoyambayo ikupereka phindu ndi kugwedezeka kwa A, ndipo pa B muibwereze ndi `C2:C61`. Taonani kuti avereji imachulukitsidwa ndi 12, koma kugwedezeka kumachulukitsidwa ndi `SQRT(12)`, yomwe ndi pafupifupi 3.46. Mukachulukitsa zonse ndi 12 mudzaona ngati masheya ndi oopsa kuposa mmene alili katatu ndi theka.

Tinene kuti titasinkhasinkha tinagwirizana pa izi. Sheya A, phindu 32 peresenti, kugwedezeka 30. Sheya B, phindu 28 peresenti, kugwedezeka 20. Kolireshoni 0.25. Ndati titasinkhasinkha chifukwa avereji ya zaka zapitazo si lonjezo, ndipo ndidzabwereranso pa mfundo imeneyi.

Gawo lachitatu: yesani sheya iliyonse payokha

Alamu anga ataona 32 anafuna kuthira zonse mu A. Koma 20 mwa 32 ameneyo boma likadawapatsa iwo atangokhala pakhonde. Malipiro enieni ovutikira ndi kugwedezeka kwa A ndi 12 yekha, ndipo a B ndi 8. Zotsalazi ndizo tizitcha phindu lapamwamba, `eA` ndi `eB`.

Mukagawa phindu lapamwamba ndi kugwedezeka mumapeza muyeso umene William Sharpe anaufotokoza mu 1966, womwe tsopano umatchedwa ndi dzina lake. Umanena kuti pa chiopsezo chilichonse chimene mwasenza, mukulipidwa zingati. Muyesowu tiutchula `S`, phindu loyembekezeredwa `E`, ndipo kugwedezeka `σ`.

```
S = (E - rf) / σ
A: 12 / 30 = 0.40
B:  8 / 20 = 0.40
```

Zafanana ndendende. A imalipira zambiri koma imakusenzetsaninso zambiri, moti payekhapayekha palibe woposa mnzake. Apa alamu anati ndiye kuti palibe kanthu, angosankha imodzi mwachisawawa. Ayi ndithu.

Gawo lachinayi: sakanizani

Mukasakaniza masheya awiri, phindu limakhala pakati pa awiriwo molingana ndi magawo awo. Kugwedezeka ndiye sikutero. Popeza A ndi B sizitsikira limodzi nthawi zonse, mwezi umene ina yagwa inayo nthawi zambiri imachirikiza, ndipo kugwedezeka kwa zonse pamodzi kumachepa kuposa avereji ya ziwirizo. Mlimi wa ku Mitundu amene amadzala chimanga ndi mtedza amaidziwa nkhani imeneyi ngakhale alibe Excel.

Kuti tiwerengere tifunika manambala atatu ena ochokera pa amene tili nawo kale. Kugwedezeka kwa A kuchulukitsa kokha ndi 900, kwa B ndi 400. Wachitatu ndi kovariyansi, yomwe ndi kolireshoni kuchulukitsa ndi kugwedezeka kwa onse awiri, 0.25 × 30 × 20, ndiye 150. Imeneyi tiitchula `cov`.

Tiyambe ndi theka kwa theka, kuti muone mmene zimayendera:

```
E  = 0.5*32 + 0.5*28 = 30
σ² = 0.5²*900 + 0.5²*400 + 2*0.5*0.5*150 = 400
σ  = 20
S  = (30 - 20) / 20 = 0.50
```

Imani pamenepa pang'ono. Kugwedezeka ndi 20, kofanana ndi kwa B yokha, koma phindu ndi 30 m'malo mwa 28. Masheya awiri a 0.40 abereka 0.50 popanda kuwonjezera kalikonse. Funso tsopano ndi lakuti kasakanizidwe kati kamakweza nambala imeneyi kufika pachimake. Kameneko ndiko potifoliyo ya tanjensi.

Pa masheya awiri pali njira yachidule. Werengerani nambala imodzi pa sheya iliyonse, kenako mugawe iliyonse ndi zonse ziwiri zitaphatikizidwa:

```
nA = eA*σB² - eB*cov = 12*400 - 8*150  = 3600
nB = eB*σA² - eA*cov =  8*900 - 12*150 = 5400
wA = 3600 / 9000 = 0.40
wB = 5400 / 9000 = 0.60
```

Choncho pa K100 iliyonse yopita ku masheya, K40 igule A ndipo K60 igule B. Phindu la kasakanizidwe aka ndi 12.8 kuphatikiza 16.8, ndiye 29.6 peresenti. Pa kugwedezeka tiphatikiza 144, 144 ndi 72, zomwe zikupereka 360, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa imapereka 360 ndi pafupifupi 19. Phindu lapamwamba ndi 9.6, kugawa ndi 19, muyeso wa Sharpe ukufika pa 0.51.

Musangondikhulupirira, yesani oyandikana nawo. Mukaika 30 peresenti mu A mupeza pafupifupi 0.50. Mukaika 50 tapeza kale 0.50. Mukaika 20 mupeza 0.48. Mbali zonse ziwiri nambala ikutsika, ndiye kuti 40 ndiye nsonga. Koma taonaninso kuti nsongayo ndi yafulati, ngati pamwamba pa chulu chakale. Kuchoka pa 30 kufika pa 50 kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Munthu amene amagula ndi kugulitsa mwezi ndi mwezi kuti akhale pa 40 ndendende akungodyetsa buroka, mkhalapakati amene amalipidwa pa kugula ndi kugulitsa masheya.

Pali msampha wina pafupi pomwepa. Kasakanizidwe kogwedezeka pang'ono kuposa konse m'chitsanzo chathu ndi 25 peresenti mu A, komwe kugwedezeka kwake ndi 18.4. Ena amaganiza kuti komweko ndiko kwabwino. Koma muyeso wake ndi 0.49, wotsikirapo. Ngati mukufuna chiopsezo chochepa, njira yake si kusokoneza kasakanizidwe ka masheya, koma kuwonjezera mabilu, monga tionere posachedwa.

Pali njira ina yotsimikizira yankho, imene imagwiranso ntchito ngakhale masheya atakhala khumi. Pa potifoliyo ya tanjensi yeniyeni, phindu lapamwamba la sheya iliyonse likagawidwa ndi kovariyansi yake ndi potifoliyo yonse, yankho limakhala limodzi. Kovariyansi ya A ndi potifoliyo yathu ndi 0.4 × 900 kuphatikiza 0.6 × 150, ndiye 450. Ya B ndi 0.4 × 150 kuphatikiza 0.6 × 400, ndiye 300. Gawani 12 ndi 450, gawaninso 8 ndi 300, zonse zipereka 0.0267. Zikasiyana, penapake mwaphonya, ndipo sheya ya nambala yaikuluyo ndi imene ikufunika kuwonjezeredwa.

Masheya akapitirira awiri, gwiritsani ntchito Solver wa mu Excel. Muuzeni akweze selo ya `S` posintha magawo, magawo onse akaphatikizidwa akwane 1, ndipo pasakhale gawo lotsika kuposa 0.

Gawo lachisanu: jambulani mzere

Tengani pepala. Cham'mbali lembani kugwedezeka, chokwera lembani phindu. Mabilu ali pa kugwedezeka 0, phindu 20. Kasakanizidwe konse ka A ndi B kakupanga uta wopindikira kumanzere. Ikani rula pa kadontho ka mabilu, muiimike, kenako muitsitse pang'onopang'ono mpaka ikhudze utawo koyamba. Pamene yakhudzapo ndi pa 19 ndi 29.6. Dzina lakuti tanjensi likuchokera pomwepo, pa mzere wokhudza uta pamalo amodzi osaudula.

Mzere umenewo ndiwo mzere wogawira ndalama. Kadontho kalikonse pa iwo ndi kagawidwe kena ka ndalama zanu pakati pa mabilu ndi potifoliyo ya tanjensi. Ndi wowongoka chifukwa mabilu sagwedezeka, kotero mukaika theka ku masheya mumasenza theka la kugwedezeka ndi kulandira theka la phindu lapamwamba. Kukwera kwake ndi 0.51 yemwe uja, ndipo palibe mzere wina wochokera pa mabilu umene ungakwere kuposa pamenepo. Tikatchula gawo lopita ku masheya kuti `y`:

```
E = 20 + y*9.6
σ = y*19
```

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sankhani poima

Apa masamu amapuma, mwini ndalama amayankhula. Kufunsa munthu kuti amaopa chiopsezo motani sikuthandiza, aliyense amati ndi wolimba mtima mitengo isanagwe. Ine ndimafunsa za chaka choipa. Mwachizolowezi chaka choipa kwambiri timachiyerekeza pochotsa kugwedezeka kawiri pa phindu loyembekezeredwa. Ndi muyeso wongothandizira kuganiza, popeza misika imatha kugwa kuposa pamenepo.

Alamu akanaika K5,000,000 yonse ku masheya, akanayembekezera 29.6 peresenti, koma chaka choipa chikanawapatsa 29.6 kuchotsa 38, ndiko kutaya 8.4 peresenti, pafupifupi K420,000. Atamva zimenezo anapukusa mutu. Anati mwana wawo akupita ku koleji, ndipo safuna kuti chaka chithe ndalama zitachepa, ngakhale zinthu zitavuta bwanji ziwonjezekeko ndi 5 peresenti.

Pa mzere wathu, chaka choipa chimapereka 20 kuchotsa `y` kuchulukitsa ndi 28.4. Kuti yankho lisatsike kuposa 5, `y` asapitirire 0.528. Tinangoti theka. Ndiye kagawidwe kanakhala kotere: K2,500,000 ku mabilu a masiku 364, ndipo pa K2,500,000 yotsalayo, K1,000,000 ku A ndi K1,500,000 ku B. Phindu loyembekezeredwa ndi 24.8 peresenti, lomwe ndi K1,240,000. Kugwedezeka ndi 9.5, ndipo chaka choipa chikupereka pafupifupi 5.8 peresenti.

Akanachita zimene ambiri oopa amachita, kugula B yokha poti ndi yofatsa n'kusiya zina ku mabilu, pa kugwedezeka komweko kwa 9.5 akanayembekezera 23.8 peresenti. Kusiyana kwake ndi K50,000 pa chaka, yotayika popanda chitetezo chilichonse chowonjezera. Mnyamata wa zaka 28 wopanda ana angathe kuika 90 peresenti ku masheya, koma mkati mwa gawo lakelo kasakanizidwe kakhalabe 40 kwa 60, kofanana ndi ka alamu.

Za mbali ya mzere yopitirira pa tanjensi

Mabuku amaupitiriza mzerewu kudutsa pa kadontho ka tanjensi. Amati mungakongole ndalama pa `rf` n'kugula masheya oposa ndalama zanu. Ndi `y` wa 1.5, pepala limalonjeza 34.4 peresenti. Koma inu si boma, ndipo palibe banki imene ingakukongozeni pa mtengo umene boma limakongolera. Tinene kuti ngongole yanu ndi ya 35 peresenti. Phindu likhala 1.5 × 29.6 kuchotsa 0.5 × 35, ndiye 26.9, pomwe kugwedezeka kwakwera kufika 28.5. Mwasenza zambiri kuti mulandire zochepa kuposa amene sanakongole. Chiwongoladzanja cha ngongole chikaposa phindu la potifoliyo, mzerewo umathyoka n'kuloza pansi. Kwa ambiri a ife mzere umathera pa `y` wa 1.

Zimene zimasokoneza masamuwa, ndi mmene mungazizindikirire

Choyamba ndi chiwongoladzanja cha mabilu chikasintha. Sichimangokweza pansi poyambira, chimasunthanso tanjensi yomwe. Chitakwera kufika 26, phindu lapamwamba la A likhala 6 ndipo la B likhala 2. Bwerezani masamu aja, mupeza 2100 ndi 900, ndiye 70 peresenti ku A, ndipo muyeso wa Sharpe utsika kufika 0.21. Mzere wagona, kutanthauza kuti masheya akulipira zochepa pa chiopsezo chomwecho, ndipo nzeru ndi kuchepetsa `y`. Chitafika 27.5, gawo la B lituluka ndi chizindikiro chochotsera, zomwe zikutanthauza kugulitsa masheya amene mulibe. Poti zimenezo simungazichite, B ikhale pa 0. Chikafika 29, lomwe ndi phindu la kasakanizidwe kogwedezeka pang'ono kaja, `nA` ndi `nB` zikaphatikizidwa zimapereka 0 ndipo njira yachiduleyo yafa. Kupitirira apo imapereka manambala ooneka bwino koma abodza. Nthawi zonse yang'anani kuti `nA + nB` ndi yoposa 0.

Chachiwiri, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi nambala ya phindu loyembekezeredwa. Ndi yovuta kuidziwa kuposa zina zonse, komanso ndi imene imasuntha yankho kwambiri. A ikakhala 28 m'malo mwa 32, gawo lake litsika kufika 25 peresenti. Ikakhala 36, likwera kufika 52. Ndipo pa sheya yogwedezeka ndi 30, avereji ya zaka zisanu ingaphonye choonadi ndi 13 kapena kuposerapo, osati 4 yekha. Sheya imene yangokwera kawiri m'chaka chimodzi idzaoneka ngati mfumu mu Excel, ndipo Solver adzafuna kuithirira zonse. Mukaona yankho la 90 kapena 100 peresenti mu kampani imodzi, kaikirani manambala amene mwalowetsa. Ine ndimachepetsa avereji yakale kuiyandikizitsa ku avereji ya msika wonse, ndimawerengera katatu ndi manambala osiyana, kenako ndimasankha kasakanizidwe kamene sikachita manyazi pa katatu konseko.

Chachitatu ndi cha msika wathu womwe. Pali makampani ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku angapo osagulidwa. Mtengo wosasuntha chifukwa palibe wogula umaoneka mu `STDEV.S` ngati bata, ndipo `CORREL` imauona ngati wosayendera limodzi ndi ena. Zonse ziwiri zimaikometsera sheyayo monama. Chizindikiro chake ndi maziro ambiri mu kolamu ya phindu. Mukaona miyezi ingapo yotsatizana ya 0, gwiritsani ntchito phindu la miyezi itatuitatu, kapena mukweze nokha kugwedezeka ndi kolireshoni. Kumbukiraninso kuti tsiku lofuna kugulitsa, mtengo wa pa sikirini umafuna munthu woti agule. Komanso mabanki awiri si kusakaniza kwenikweni, popeza chimene chimavuta mmodzi nthawi zambiri chimavutanso mnzake.

Chotsiriza ndi mawu akuti mabilu alibe chiopsezo. Amatanthauza chinthu chimodzi chokha, chakuti chiwerengero cha makwacha chimadziwikiratu kwa amene wadikira mpaka tsiku lake, bola boma lilipire monga linalonjezera. Satanthauza kuti makwachawo adzagula matumba a simenti ofanana ndi a lero. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi mabilu analandira tambala iliyonse imene analonjezedwa, koma katundu wochokera kunja anali atawathawa. Ngati mitengo ya zinthu ikukwera ndi 25 peresenti, bilu ya 20 ikukuchotserani pang'onopang'ono, ndipo 5.8 ya chaka choipa ya alamu ndi kutaya kwakukulu pa zimene ndalamazo zingagule. Ndinawauza zimenezi tisanapite kwa buroka. Anasinkhasinkha, n'kunena kuti fizi amailipira m'makwacha ndipo ya chaka chamawa akuidziwa kale, choncho theka likhalebe ku mabilu. Tinagwirizana kuti tidzatsegulenso pepala lija bilu yawo ikadzakhwima, kapena gawo la A likadzatuluka pakati pa 30 ndi 50 peresenti.